Mvula, magetsi ndi osewera ochedwa: mafunso a ojambula filimu ku Likangala

Mtsinje wa Likangala umachokera m'phiri la Zomba, umadutsa mumzinda, n'kutsikira kuchigwa cha mpunga mpaka kukathira m'nyanja ya Chilwa. Dera limeneli limakopa ojambula mafilimu chifukwa cha minda ya mpunga ya kusikimu, mabwato a pa doko la Kachulu, chilumba cha Chisi, ndi njedza zomwe zimaphimba gombe. Ndi dera lomwenso lingaononge ndondomeko ya tsiku lonse nthawi isanakwane 9 koloko m'mawa. Mafunso ali m'munsimu ndi omwe gulu laling'ono, la anthu 10 kapena 12 ndi kamera imodzi, limayenera kuyankha lisanakweze katundu m'galimoto.

Kodi si kwapafupi kungodikira chilimwe?

Ngati nkhani ikulola, inde. Mvula ku Zomba imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo Januwale ndi Febuluwale ndiyo miyezi yovuta kwambiri. Koma nkhani yofuna mpunga wobiriwira, madzi odzaza m'ngalande ndi mitambo yolemera pamwamba pa phiri singajambulidwe mu Okutobala. Komanso chilimwe chili ndi mavuto ake. Pakati pa Meyi ndi Ogasiti kumabwera chiperoni, kamvula kowaza komwe kamatha kukhala masiku atatu osasiya, ndipo mphepo ya mwera imavundula nyanja mpaka eni mabwato kukana kuwoloka.

Nyanjayo payokha siikhala pamalo amodzi. Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulutsa madzi, ndipo inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, kenako inaphweranso kwambiri mu 2018. Ngakhale m'chaka chabwino, gombe la mu Epulo si gombe la mu Novembala. Munthu amene anakaona malo miyezi inayi yapitayo n'kujambula zithunzi pa foni akhoza kupeza kuti pomwe panali madzi pali matope osweka, bwato lili patali. Choncho malo amayenera kuonedwanso sabata yomweyo yojambula, pa ola lomwelo limene gawolo lidzajambulidwe.

Nanga mvula ikagwa patsiku lojambula panja, gulu limathawira kuti?

Limathawira ku gawo lam'nyumba lomwe linasungidwa dala. Pokonza ndondomeko ya filimu yonse, wothandizira dayilekita amapatula magawo awiri kapena atatu am'nyumba n'kuwaika pambali osawapatsa tsiku. Magawo apanja ndiwo amajambulidwa poyamba, kukadali kowala. Magulu ambiri atsopano amachita zosemphana ndi izi: amayamba ndi zam'nyumba chifukwa n'zosavuta, ndipo mvula ikadzafika patsiku lachinayi amapezeka alibe chojambula koma kukhala pakhonde kudya chakudya chomwe analipira kale.

Gawo losungidwalo liyenera kukwaniritsa zinthu zitatu. Likhale ndi osewera omwewo amene aitanidwa tsikulo, kapena ena omwe agona pafupi. Zovala ndi katundu wake zikhale kale m'galimoto. Ndipo nyumbayo ikhale pamtunda woti anthu angafikeko wapansi atasenza zida, chifukwa dothi la makande la kuchigwa cha Chilwa likanyowa galimoto imazungulira matayala pamodzimodzi, ndipo matope amamatira kunsapato mpaka kulemera.

Pali chachinayi chomwe chimaiwalika kwambiri, ndicho denga. Nyumba ya malata imateteza kamera koma imapha mawu. Mvula ikamamenya malata, maikolofoni simamva china chilichonse, ndipo phokosolo silichotseka bwino pa kompyuta chifukwa limafalikira m'malo momwemo momwe muli mawu a munthu. Nyumba yofolera udzu imameza phokoso la mvula. Choncho ku Likangala malo othawirako abwino ndi nyumba ya udzu yosadontha, yokhala ndi khomo kapena zenera lolowetsa kuwala, osati kalasi kapena tchalitchi cha malata, ngakhale kuti zimenezi n'zazikulu ndipo zimaoneka zodalirika. Ngati palibe koma ya malata, gawo losungidwalo likhale lopanda kuyankhula: munthu akuphika, akuwerenga ndalama, akusoka ukonde.

Tsiku lokonzedwa motere limaoneka bwanji papepala?

Tiyerekeze gulu lomwe likujambula filimu yaifupi mu Febuluwale. Tsamba limodzi la sikiliputi limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa kanema, ndipo gulu laling'ono limakwanitsa masamba 3 mpaka 5 patsiku. Tsikuli lapatsidwa magawo awiri apanja. Gawo 7, masamba 2, mayi ndi mwana wake wamkazi akukangana akupalira mpunga kusikimu. Gawo 8, tsamba limodzi, bambo akufika ndi bwato pa doko dzuwa likulowa. Osungidwa ndi gawo 12, masamba 2 ndi theka, mayi ndi bambo m'nyumba usiku, ndi gawo 15, theka la tsamba, bambo ali yekha akusoka ukonde.

Mu Febuluwale dzuwa limatuluka cha m'ma 5:30 ndipo limalowa itangopitirira 6 koloko. Mvula yamabingu ya m'nyengo imeneyi imakonda kubwera masana kukatentha, choncho gawo 7 limaikidwa m'mawa kwambiri: anthu afike 5 koloko, kamera iyambe 6:30, gawo lithe 10:30. Nthawi ya pakati pa 11 koloko ndi 3 koloko, yomwe dzuwa limakhala pamutu n'kuika mithunzi yoipa m'maso mwa osewera, ndi ya nkhomaliro ndi kusamukira ku doko. Kusamuka kulikonse kumadya ola limodzi kapena kuposa, ngakhale malo akhale pafupi, chifukwa cha kupakira ndi kutsitsa katundu.

Pansi pa ndondomeko imeneyi, papepala lomwelo, pamalembedwa yachiwiri. Ngati pofika 6:30 mvula ikugwa, gulu likupita ku nyumba ya udzu kukajambula gawo 12, ndipo bambo, yemwe amayenera kufika masana, aitanidwe nthawi yomweyo. N'chifukwa chake wosewera ameneyu amauzidwa dzulo lake kuti akhale wokonzeka kuyambira m'mawa, ndipo amalipidwa tsiku lathunthu ngakhale asaitanidwe msanga. Ngati pofika 3 koloko kumadzulo kwada bii, gawo 8 likuimikidwa ndipo likulowedwa m'malo ndi gawo 15. Mwa njira imeneyi, tsiku loipitsitsa limabweretsabe masamba 3, ofanana ndi omwe amafunika.

Chofunika pandondomeko yachiwiriyi ndi maola olembedwawo. Popanda ola loikidwiratu, gulu limaima pansi pa mtengo wa mango kuyang'ana kumwamba, wina akuti ikata posachedwa, wina akuti tidikire pang'ono, mpaka 10 koloko. Pamenepo gawo lapanja latayika, lam'nyumba nalonso silingathe. Ola likakwana, munthu mmodzi yekha ndiye amalamula, ndipo kawirikawiri amakhala wothandizira dayilekita kapena pulodyusa. Dayilekita mwiniwake sayenera kupatsidwa udindo umenewu, chifukwa iye ndiye wakhala miyezi akulota mpunga wobiriwira uja ndipo adzafuna kudikirabe.

Mvula ikagwa gawo lili pakati, zomwe zajambulidwa kale zimatayika?

Zimatengera chomwe chinayamba kujambulidwa. Chithunzi chotambalala, choonetsa munda wonse ndi phiri kumbuyo, ndicho chimadalira kwambiri thambo, choncho chimajambulidwa choyamba. Zithunzi zapafupi za nkhope zikhoza kumalizidwa pansi pa lona lomangidwa pansungwi, kapena tsiku lina pamalo ena, bola kumbuyo kuoneke masamba obiriwira osazindikirika. Yemwe wayamba ndi nkhope n'kusiya chotambalala pomaliza, mvula ikamupeza amayambiranso gawo lonse.

Vuto lalikulu ndi loti malo amasintha mtundu. Dothi louma lotuwa likanyowa limada, ndipo zithunzi za m'mawa sizigwirizananso ndi za madzulo. Izi zinagwetsa filimu ya ndalama zambiri ya Terry Gilliam, The Man Who Killed Don Quixote, mu 2000. Ankajambula kuchipululu cha Bardenas Reales ku Spain. Tsiku loyamba mawu anaonongeka ndi ndege zankhondo zomwe zinkachita maphunziro pafupi. Tsiku lachiwiri kunagwa chimvula cha matalala chomwe chinakokolola zida n'kusintha maonekedwe a malo onse. Patangopita masiku ochepa wosewera wamkulu, Jean Rochefort, anadwala msana mpaka kulephera kukwera hatchi, ndipo ntchito inaima. Zonsezi zinaonetsedwa mu filimu ya Lost in La Mancha ya mu 2002, ndipo Gilliam anadzatulutsa filimu yakeyo mu 2018 ndi osewera ena.

Gulu la ku Likangala lili ndi njira yotchipa yomwe imathandiza m'nyengo ya mvula: kunyowetsa dala bwalo kapena njira ndi zitini za madzi asanajambule chithunzi choyamba. Mvula ikadzagwa n'kukata, pansi pamaoneka chimodzimodzi. Munthu mmodzi azijambulanso pa foni zovala za osewera pagawo lililonse, kuti zidziwike kuti chitenje chinali chonyowa mpaka pati.

Kodi mvula yoopsa ndi yokhayo imene ikugwa pamalo ojambulira?

Ayi. Ku Likangala kukhoza kukhala dzuwa pomwe kuphiri la Zomba kukugwa chimvula, ndipo madzi amenewo amatsika ndi mtsinje patapita maola. Gulu lomwe lawoloka m'mawa madzi ali m'mawondo likhoza kupeza madzulo kuti kulibe powolokera. Choncho galimoto ndi zida zizikhala kutsidya komwe kuli msewu wobwerera, ndipo pakhale munthu mumzinda wa Zomba woimbira foni akaona kuti phiri laphimbidwa. Alimi a kusikimu amadziwa msanga madzi akayamba kusintha mtundu ndi kubwera ndi zinyalala, ndipo mawu awo ndi ofunika kuwamvera.

Chigwachi ndi chathyathyathya, ndipo munthu wonyamula ndodo yaitali ya maikolofoni pakati pa munda ndiye amakhala chinthu chachitali kuposa zonse. Mphezi ikang'anima, awerenge masekondi mpaka bingu limveke. Masekondi 3 ndi kilomita imodzi. Akapanda kufika 30, ndiye kuti ili pafupi kuposa makilomita 10, ndipo onse achoke m'munda ndi m'bwato, asabwerere mpaka patapita mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza.

Machenjezo a nthambi yoona zanyengo aziwerengedwa madzulo alionse. Akalengeza namondwe, monga Freddy yemwe anasakaza Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Zomba mu Malichi 2023, palibe ndondomeko yachiwiri yomwe ingagwire. Anthu abwerere kwawo misewu isanaduke.

Magetsi akathima, chimaima ndi chiyani kwenikweni?

Kamera siima, poti imayendera batire. Chimene chimaonongeka ndi tsiku lotsatira. Gulu limabwerera kogona ku Jali kapena ku Zomba usiku, mabatire ali opanda moto, makadi ali odzaza, n'kupeza kuli mdima. Magetsi ambiri a m'Malawi amachokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo m'nyengo ya mvula zinyalala ndi matope zimasokoneza makina. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 mpaka mu 2023. Midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja ilibenso mawaya n'komwe. Ndondomeko yanzeru imangoyamba ndi kuganiza kuti magetsi kulibe.

Kuwerengera kwake n'kosavuta, ndipo manambala ake amalembedwa pazida zomwezo. Chilembo W chimaonetsa mphamvu yomwe chida chimakoka, pomwe Wh imaonetsa moto womwe batire lasunga. Nyale ziwiri za 60 W zikayaka maola 3 zimadya 360 Wh. Kamera ndi kanema wake woonera, pafupifupi 25 W kwa maola 6, ndi 150 Wh. Laputopu ya 60 W yokopera makadi kwa maola 2 ndi 120 Wh. Chojambulira mawu ndi mafoni tiziike pa 50 Wh. Zonse pamodzi ndi 680 Wh, ndipo powonjezera gawo limodzi mwa magawo anayi la moto wotayika potchaja, tsikulo likufuna 850 Wh. Batire la galimoto la 12 V ndi 100 Ah limasunga 1200 Wh papepala, koma likatsitsidwa kupitirira theka limaonongeka msanga, ndiye lingopereka 600 Wh. Limodzi silikwana.

Sola imathandiza, koma imakhumudwitsa patsiku lenileni lofunika. Panelo ya 100 W imapereka cha m'ma 400 Wh kukakhala dzuwa, ndipo kukachita mitambo yakuda imatha kutsika kufika pa 100 Wh. Tsiku la mvula ndilo lomwe gulu lalowa m'nyumba ya udzu yamdima n'kuyatsa nyale kwa maola ambiri. Mvula ndi kusowa kwa moto zimabwera pamodzi, choncho mabatire a gawo losungidwa azitchajidwiratu n'kuikidwa padera, osagwiritsidwa ntchito ina.

Bwanji osangobwereka jenereta?

Jenereta yaing'ono ya 2 kVA imakwanira zonsezi, ndipo imamwa cha m'ma lita imodzi ya petulo pa ola. Koma ili ndi mavuto atatu. Loyamba ndi phokoso. Mtunda ukawirikiza kawiri phokoso limangotsika ndi madesibelo 6, choncho pamafunika chingwe chokhuthala cha mamita 40 kapena 50, jenereta n'kuikidwa kuseri kwa khoma kapena chulu, panja pomwe utsi ukutuluka, pansi pa kadenga, molumikizira chingwe mosakhudza madzi. Njira ina ndi kuiliza potchaja pokhapokha, nthawi ya nkhomaliro ndi usiku, n'kujambula ndi mabatire.

Lachiwiri ndi moto wosakhazikika. Jenereta wamba ya pagolosale imakweza ndi kutsitsa moto, zomwe zimapsereza matchaja ndi kuchititsa nyale zina kuphethira pa kanema. Magetsi a kuno amayenda pa 50 Hz, ndiye kamera iikidwe pa 25 fps ndi 1/50, koma jenereta ikamasinthasintha liwiro ngakhale zimenezi sizithandiza. Ayese madzulo a dzulo lake pojambula khoma loyera kwa mphindi imodzi n'kuonera pa laputopu. Lachitatu ndi mafuta: mizere ya pamalo omwetsera mafuta yomwe yakhala ikubwerabwera kuyambira 2022 yaphunzitsa anthu kugula petulo wa masiku onse asananyamuke m'tauni.

Makadi nawo awerengeredwe ngati kuti laputopu siyaka. Kamera yojambula pa 100 Mbps imadzaza 45 GB pa ola, ndiye khadi la 128 GB silikwanitsa maola 3. Pakhale makadi okwanira masiku awiri, kuti pasapezeke wofufuta khadi lomwe silinakopedwe malo awiri.

Nanga wosewera akachedwa?

Kuchedwa kwambiri kumayamba ndi mayendedwe, osati ulesi. Kuchokera mumzinda wa Zomba kukafika ku Kachulu ndi makilomita pafupifupi 30, mbali ina ndi msewu wafumbi, ndipo minibasi siinyamuka isanadzaze. Wosewera wochokera ku Blantyre kapena wophunzira wa ku yunivesite ku Chirunga akauzidwa kuti akapezeke yekha ku doko pa 6 koloko m'mawa, ndiye kuti wapatsidwa ntchito yosatheka. Mankhwala ake odalirika ndi awiri: galimoto ya gulu ikamutenge pakhomo, kapena agone pafupi ndi malo ojambulira. Kulipira chipinda ndi chakudya chamadzulo cha munthu mmodzi n'kotchipa kuposa kudyetsa anthu 12 omwe akhala m'mawa wonse osagwira ntchito. Ndalama ya thiransipoti yotumiziratu pa foni siitsimikiza kanthu. Bwino kupangana ndi wakabaza wa njinga yamoto wodziwika, nambala yake n'kulembedwa papepala la tsikulo.

Pepalalo lizifika kwa aliyense dzuwa lisanalowe, ndipo aliyense ayankhe. Uthenga wa pa WhatsApp wosayankhidwa usawerengedwe kuti wafika, chifukwa foni ikhoza kukhala yathima kapena bando yatha. Aimbiridwe. Kwa wosewera wachikulire mawu ake amakhala aulemu koma omveka: “Amayi, galimoto ikupezani pakhomo pa 4:30, chonde mukhale mutakonzeka, tiyi mukamwera komweko.”

Akachedwabe, kamera isaime. Pagawo 7 lija, ngati wosewera wa mwana sanafike pofika 6:30, gulu limayamba ndi zomwe sizikumufuna: zithunzi za munda ndi phiri, manja akuzula udzu, madzi m'ngalande, kenako nkhope ya mayi akuyankhula mawu ake, wina wa m'gulu ataima pambali pa kamera kumuwerengera mayankho. Wojambula mawu amatenga mphindi imodzi ya phokoso la malowo, achule ndi mbalame, lomwe lidzafunika polumikiza. Zimenezi zimadzaza ola limodzi ndi theka. Apanso pamakhala ola loikidwiratu: ikakwana 8 koloko mwana sanaoneke, gulu likupita ku gawo 12, lomwe iye mulibe. Munthu wina wa msinkhu wofanana akhoza kuvala zovala zake pachithunzi chakutali kapena chakumbuyo, ndipo ichi ndi chifukwa chake zovala zimagona ndi gulu, wosewera sapita nazo kwawo.

Anthu a m'mudzi omwe akuthandiza nawo amachedwa chifukwa chomwecho?

Awo ali ndi nthawi yawo, ndipo ndondomeko ndiyo iyenera kuwatsata. Mlimi wa mpunga m'nyengo yowokera sapezeka m'mawa. Msodzi yemwe wagona panyanja, mwina m'zimbowera pakati pa njedza, amafika pa doko nthawi yomwe nsomba zamulola. Lachisanu masana Asilamu, omwe ndi ambiri m'derali, amakhala ku mzikiti, Loweruka kuli a Sabata, Lamulungu kuli matchalitchi ena, ndipo tsiku la msika limabweretsa zokuzira mawu zomwe zimamveka kutali pachigwa chopanda zotchinga. Zonsezi zimafunsidwa kwa amfumu ndi komiti ya doko kapena ya sikimu sabata imodzi isanakwane ntchito.

Chomwe sichingafunsidwiretu ndi maliro. Zovuta zikagwa m'mudzi momwe gulu likujambula, ntchito imaima, jenereta imazimitsidwa, ndipo pulodyusa amapita kusiwa kukapepesa ndi kangachepe. Kupitiriza kujambula pafupi ndi siwa kumatsekera gulu khomo la mudziwo mpaka kalekale. Amene wakonzeka amakhala ndi nyumba yachiwiri m'mudzi wa mfumu ina, komwe anapemphanso chilolezo.

Zonsezi zimadya ndalama zingati?

Opanga mafilimu m'maiko ambiri amapatula 10 peresenti ya bajeti kuti ikhale ya zadzidzidzi. Kwa gulu lojambula kuchigwa cha Chilwa m'dzinja, muyeso wothandiza kwambiri ndi wa masiku: pa masiku asanu ojambula, lachisanu ndi chimodzi likhale lopanda ntchito papepala koma lolipiridwa kale, ndiko kuti chakudya, malo ogona, galimoto ndi kamera yobwereka. Mwini kamera ndi osewera auzidwe za tsikuli popangana mtengo, chifukwa kulipempha mvula itagwa kale kumapeza kamera italonjezedwa ku ukwati wa Loweruka.

Ndalama ya zadzidzidziyo ikhale ina m'manja, yosinthasintha, chifukwa anyamata okankha galimoto m'matope ndi mwini ngolo yonyamula zida salandira lonjezo, ndipo wothandizira kutapa ndalama pa foni akhoza kukhala alibe zokwanira tsikulo. Isungidwe ndi munthu mmodzi, yemwe azilemba chilichonse chotuluka, ndipo madzulo alionse aziuza pulodyusa zotsala pamodzi ndi chiwerengero cha magawo osungidwa omwe sanagwiritsidwebe ntchito. Magawo amenewo akatha mitambo ikadalipo, tsiku lopatula lija liyenera kusunthidwa kubwera pafupi, ndipo osewera auzidwe usiku womwewo.